Kusaina si kutseka pakamwa

Malume anga akhala mlonda pa famu ina kufupi ndi pa Mpingu kwa zaka 8. Mwezi wathawu anawauza kuti ntchito yachepa, n'kuwapatsa fomu ya Chingerezi yonena kuti K300,000 ndiwo malipiro onse ndi omaliza. Iwo anasaina, koma pamwamba pa dzina lawo analemba kuti: "Ndalandira K300,000 ngati gawo chabe, ndikufunabe K270,000 yotsala." Abwana akuti chimenechi n'chipongwe. Chipongwe chake chiti?

Tiwerengere limodzi, poti masamu alibe bwana. Lamulo la ntchito la 2000, monga analikonzera mu 2010, limati wochotsedwa chifukwa cha kuchepa kwa ntchito alandire malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, ndi a masabata atatu pa chaka kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi. Kwa malume, amenewo ndi masabata 10 kuwonjezapo 9. Ankalandira K30,000 pa sabata, kotero chawo ndi K570,000. Ndalama yotsalayo sanailote kutulo.

Ndiye pali anzeru a pansi pa mtengo, aja amadziwa malamulo onse koma sanapondepo ku khoti. Akuti ngati ndalama zachepa, munthu azikane zonse n'kukasuma. Zikomo kwambiri, aphunzitsi! Podikira mlanduwo ana azidya chiyani, masamoni? Feteleza agula ndi ulemu wanuwo? Ena akuti wolandira sadandaula. Bwanji nanga wolipira moperewera simumuuza kuti achite manyazi? Fomuyo analemba ndi abwana, m'chinenero cha abwana, pa tsiku losankha abwana. Mlonda wangowonjezapo mzere umodzi, mwayamba kale kulira kuti pepala ladetsedwa.

Sindikunena kuti mzerewo ndi chithumwa. Woweruza akhoza kutsamira pa mawu osindikizidwa aja, ndipo abwana akhoza kukana fomu yolembedwapo. N'chifukwa chake mawuwo alembedwe pa fomu pomwepo musanasaine, osati m'kalata yotumiza mawa ndalama zitalowa kale m'thumba. Tchulani chiwerengero chenicheni, chifukwa "sindinakhutire" ndi kung'ung'udza chabe. Khwatchani mawu akuti "omaliza", ikani deti, jambulani pepalalo pa foni lisanalowe m'kabati ya abwana. Wodinda chala apeze mboni yomulembera ndi kumuwerengera mokweza. Koma amene wasaina chete wapereka yekha ndodo yomukwapulira, pakuti ku bwalo la milandu ya apantchito abwana adzangotulutsa pepala n'kukhala pansi.

Abwana inu, ngati K300,000 ija ndi yokwanadi, mzere wa mlonda ukukuwopsani chiyani? Tengani mabuku anu a malipiro tikakumane ku ofesi ya zantchito ku Lilongwe. Malume asunga kale ndalama ya minibasi.