Kalata ya boma izitchula wogwira ntchito

Zikalata zomwe maofesi a boma amatumiza kusukulu, kuzipatala ndi kwa mafumu zimakonda mawu othera ndi -idwa kapena -edwa. Nthawi zambiri zimayamba zalembedwa m'Chingerezi, ndipo womasulira amangotsata mapazi a Chingerezicho. Zotsatira zake, kalata imanena ntchito koma osatchula woigwira.

Tiyerekeze kuti kusukulu ina kwafika kalata yotere: "Zikudziwitsidwa kuti mayina a ophunzira akuyenera kutumizidwa mwamsanga. Kuchedwa sikudzaloledwa."

Mphunzitsi wamkulu aganiza kuti ntchitoyi ndi ya wachiwiri wake, pomwe wachiwiriyo akudikira aphunzitsi a m'makalasi. Tsiku lidutsa, mayina osapita, ndipo ana ena atsala kunja kwa kaundula. Wolakwa sapezeka, chifukwa kalatayo sinatume munthu aliyense.

Musanasayine kalata, ifunseni mafunso anayi: achite ndani, achite chiyani, apereke kwa yani, nanga pofika liti? Mayankho ake ndiwo chiganizo chanu. Kalata ija ikhala chonchi: "Ofesi ya maphunziro ya boma lino ikudziwitsa aphunzitsi aakulu onse kuti atumize mayina a ophunzira a Sitandade 8 kwa mlangizi wa maphunziro wa m'dera lawo pofika pa 14 Marichi. Ofesiyi sidzalandira mayina tsikuli likadutsa."

Taonani zomwe zasintha. Wolankhula waoneka, ndiye ofesi. Otumidwa aoneka, ndiwo aphunzitsi aakulu. Mawu oti "mwamsanga" achoka, m'malo mwake mwalowa tsiku lenileni, pakuti msanga wa kuofesi si msanga wa kusukulu yomwe ili kutsidya kwa mtsinje wodzaza.

Ena amaopa kuti kalata yolunjika chotere imamveka yamwano. Komatu ulemu wa Chichewa sukhala mu -idwa. Umakhala m'kutchula munthu ndi udindo wake, komanso m'kunena "inu" osati "iwe". "Mutumize" ndi "atumize" ndi mawu olamula, koma ulemu wake ndi wokwanira ngakhale polembera Gogo Chalo.

Chenjerani ndi "mukupemphedwa". Wopemphedwa ali ndi ufulu wokana. Ngati ndi lamulo, lembani "muyenera". Ngati munthu ali ndi ufulu wosankha, lembani "mungathe". Ngati mukuletsa, yambani ndi "musa-", monga "musatolere ndalama kwa makolo". Mukasakaniza mawu atatuwa, wowerenga amasankha tanthauzo lomupepukira.

Sikuti -idwa ndi -edwa ngoletsedwa. "Sukulu zidzatsekedwa Lachisanu" ndi chiganizo chabwino, chifukwa chomwe makolo akufuna kudziwa ndi tsiku, osati wogwira loko. Koma paliponse pomwe wina adzayankhe mlandu ntchito ikalephereka, udindo wake ulembedwe patsogolo pa chiganizo.

Mukamaliza, muwerengereni mnzanu wa muofesi ina kalatayo mokweza, kenako mumufunse kuti, "Mawa m'mawa achite ntchitoyi ndani?" Akayamba kukanda m'mutu, kalatayo sinapse.