Siyani amphaka ndi agalu, mvula ikuchita kukhuthuka

Omasulira anzanga ena ali ndi matenda oganiza kuti chining'a cha Chingerezi chiyenera kulipidwa ndi chining'a cha Chichewa, ngati ngongole. Matendawa amaonekera bwino pa mawu aja Angerezi amanena mvula ikakula, akuti kukugwa amphaka ndi agalu. Munthu amataya tsiku lonse akusaka nyama ziwiri zakwathu zoti zigwe kuchokera kumwamba. Ndikuti kusakako n'kulakwa, ndipo zimene amabwera nazo n'zoipa kuposa kusamasulira n'komwe.

Mngerezi akamalankhula mawuwa saona mphaka kapena galu. Chining'achi n'chakale, Jonathan Swift anachilemba kale m'buku lake la mu 1738, ndipo chinasuluka ngati chitenje chochapidwachapidwa. Chimene chatsalamo n'chakuti mvula ikugwa yamphamvu, pompano, ndipo wolankhulayo akudandaula mocheza. Koma muuzeni Mchewa kuti kunja kukugwa amphaka. Iye amuonadi mphakayo, wakuda, usiku, n'kuyamba kufunsa kuti wamutuma ndani. Mwafuna kunena za nyengo, mwanena za ufiti.

Tiyese ndi chiganizo chenicheni. Tinene kuti m'filimu mayi wogwira ntchito zapakhomo waima pamalo okwerera mateksi mumsewu wa Bree, kuno ku Johannesburg, madzulo a mwezi wa Novembala. Akuimbira foni mwamuna wake kuti achedwa chifukwa cha amphaka ndi agalu aja. Amene wakhalako ku Joni akuidziwa mvula imeneyi. Mitambo imaunjikana masana, mabingu, nthawi zina matalala, kenako madzi amatsika ngati wina wapendeketsa mgolo. Ola limodzi lisanathe yakata, dzuwa lawala. Ndi mvula yamtundu umenewu imene pa 9 Novembala 2016 inamiza magalimoto pamsewu waukulu wa N3 n'kusefukiritsa mtsinje wa Jukskei ku Alexandra.

Yankho limene ndimalimva kawirikawiri n'lakuti "kukugwa mvula yamvumbi". Limamveka lachikuda, lakuya, ndipo n'chifukwa chake limanyenga. Mvumbi amayesedwa ndi masiku, osati ndi mphamvu. Ndi mvula yogona, yodzuka, yogonanso, zovala osauma, nkhuni zitanyowa, ana atabindikira m'nyumba. Imatha kukhala yamphamvu, monga ija ya namondwe Freddy imene inakhalitsa pa Blantyre mu Malichi 2023, koma imathanso kukhala yofatsa. Mukaika mvumbi m'kamwa mwa mayi uja, mwamuna wake amva kuti kwakhala kukuvumba kuyambira dzana, ndiye adabwa chifukwa m'mawa anatuluka dzuwa likuswa mtengo. Njira yoyesera ndi imeneyi: funsani ngati mvulayo ingakate posachedwa. Ngati ingakate, si mvumbi.

Ena amathawira ku miyambi. "Walira mvula walira matope." "Mvula ikakuona litsiro siikata." Miyambi yokoma, inde, koma yonse iwiri sikamba za mvula. Woyambawo ukunena kuti chabwino chimabwera ndi zovuta zake, wachiwiriwo ukunena za mavuto okakamira munthu. Mayi amene wanyowa pa siteji sakulangiza aliyense. Akufuna teksi.

Chimene ndingalembe n'ichi: "Bambo a Chikondi, ndichedwa. Kuno kuli chimvula, ikuchita kukhuthuka." Taonani pamene pali mphamvu. Ka "chi-" kaja kakulitsa mvula popanda kuitana nyama iliyonse, monga mmene timanenera chimunthu kapena chinyumba. "Kukhuthuka" kwabweretsa chithunzi, ndipo ndi chithunzi chosuluka mofanana ndi cha Chingerezi chija: palibe amaona ndowa, aliyense amangomva kuchuluka kwa madzi. Ndiye "kuchita" uja, amene omasulira ambiri amamudumpha poganiza kuti ndi wongodzazira malo, ndi amene wanyamula kudabwa ndi kudandaula kwa wolankhula. Mumuchotse muone. "Mvula ikukhuthuka" ndi lipoti la pawailesi. "Ikuchita kukhuthuka" ndi munthu amene madzi alowa m'nsapato.

Wina adzati tataya nthabwala, Chichewa chaoneka chosauka. Chosauka pati? Chinenero chimene chimasiyanitsa chizimalupsa, mvula yoyamba yozimitsa moto wa m'tchire, ndi chiperoni wowaza m'nyengo yozizira, chisowe mawu a mvula? Chingerezi chinaika nthabwala yake mu mayina a nyama, ife timaika yathu mu aneni ndi mu timaphatikizo. Anansi athu a ku Tete, polankhula Chipwitikizi, ali nacho chining'a chonena kuti mvula ikugwa ndi mitsuko, ndipo Afalansa amati kukugwa zingwe. Sindinamvepo wina akuwauza kuti aikemo galu kuti afanane ndi Angerezi.