Wapambana Djokovic, tikiti yafa bwanji?

Abale anzanga a pamsika, sabata yathayi mzanga wina wogulitsa kaunjika anandipeza pa benchi nkhope ili gwaa. Akuti anabetcha K5,000 pa tenisi, munthu wake anapambana bwinobwino, koma pa foni akuti tikiti yaluza. "Achimwene, anthuwa andibera!" Nditayang'ana tikitiyo ndinangopukusa mutu. Pambali pa dzina la katswiri wakeyo panali kanambala: -4.5. Palibe anamubera, kanambalako ndi kamene kanamudya.

Tenisi amawerenga magemu. Wofika magemu 6 atasiya mnzake ndi awiri watenga seti, ndipo zikafika 6-6 amasewera taibuleki, seti nkutha 7-6. Masewera ambiri wopambana ndi amene watenga maseti awiri, koma amuna pa zikho zinayi zikuluzikulu monga Wimbledon amafunika maseti atatu. Kubetcha kwa maseti nkulosera kuti zithera 2-0 kapena 2-1. Handikapu ya magemu ndi nyama ina. Amaphatikiza magemu onse a masewerawo, nkumuchotsera munthu wanu anayi ndi theka. Akatsalabe pamwamba mwadya, apo ayi mwagwa nayo.

Wa mzangayu anapambana 6-4, 6-4. Magemu 12 kwa 8, kusiyana anayi okha. Theka lija ndi limene linapita ndi K5,000. Seti imodzi ikanatha 6-3, bwenzi akuseka.

Tsono chimene ambiri sadziwa ndi nkhani ya sevu, kumenya koyamba kuja. Osewera amasinthana kuseva gemu iliyonse, ndipo woseva ndiye amakhala ndi mpeni kumpheka. Masamu ake ndi awa: munthu wopata mapointi 60 pa 100 akamaseva amasunga magemu ake pafupifupi 74 pa 100, koma wopata 70 amasunga 90 pa 100. Awiri a sevu yamphamvu choncho akakumana, aliyense amangosunga gemu yake, 1-1, 2-2, mpakana taibuleki. Wopambana 7-6, 7-6 watenga 2-0 yoyera, koma kusiyana kwa magemu ndi awiri basi. Apa wobetcha 2-0 wadya, wobetcha -4.5 walira, chonsecho onse anasankha munthu mmodzi.

Kuti seti itakasuke pamafunika kulanda gemu ya woseva. Kulanda kamodzi kumabala 6-4 kapena 6-3, ndipo nthawi zambiri chimasiyanitsa ndi amene anayamba kuseva mu setiyo. Wayamba yekha, nkulanda msanga, amatseka 6-3. Wayamba mnzake, 6-4. Taonani, ndalama ya munthu kulendewera pa kandalama kamene woyimbira amaponya m'mwamba masewera asanayambe!

Chitsanzo chimene sindichiiwala ndi fainolo ya Wimbledon ya 2019. Novak Djokovic anagonjetsa Roger Federer 7-6, 1-6, 7-6, 4-6, 13-12. Tengani cholembera, inu ozolowera kuwerenga chenje. Djokovic magemu 32, Federer 36. Wonyamula chikho anachepekedwa ndi magemu anayi, chifukwa maseti ake onse atatu anawatenga pa taibuleki, kusiyana gemu imodziimodzi, pamene seti ya 1-6 ija yokha inamudyera asanu. Amene anapatsa Djokovic handikapu yochotsera, ngakhale -1.5, analuza tsiku limene munthu wake anapsopsona chikho. Amene anatenga Federer ndi magemu oonjezera anadya, ngakhale Federer anapita kwawo wopanda chikhocho.

Nanga John Isner ndi Nicolas Mahut pa Wimbledon ya 2010? Anamenyana maola 11 ndi mphindi 5, masiku atatu, seti yomaliza 70-68. Magemu onse pamodzi 92 kwa 91. Zotere sizingachitikenso, poti kuyambira 2022 zikho zinayi zija zimadula seti yomaliza ndi taibuleki ya mapointi 10 zikafika 6-6.

Ine ndikaona tikiti ya tenisi ndimayamba ndafunsa bwalo. Pa kapinga, monga ku Wimbledon, mpira umathamanga ndipo sevu imavuta kubweza, ndiye handikapu yaikulu ndi msampha. Pa dothi, monga ku Paris, mpira umazizira, kulanda kumachuluka, ma 6-2 amaoneka. Masewera a amayi nawonso kulanda kumachulukirapo kusiyana ndi a amuna. Koma musadzinamize, okonza mitengo ya kubetcha zonsezi amazidziwa kale, ndipo phindu lawo amaliika mu mtengo momwemo, monga muchitira inu pa mulu wa tomato.

Mzanga uja atamva zonsezi anafunsa ngati angakadandaule. Ndinamuuza kuti 12 kuchotsa anayi ndi theka ndi 7 ndi theka, ndipo 7 ndi theka saposa 8. Anabwerera ku belo lake la malaya, ine ndinamugulira tiyi.