Ola lomaliza si lowerengera

Aliyense amene walembapo mayeso pasukulu ya ukachenjede amachidziwa chipwirikiti cha pakhomo la holo. Anthu ali mbwee, makope ali m'manja, wina akufunsa mokweza kuti, "Amwene, mutu 7 uja munawerenga?" Winanso akulumbira kuti wamva za funso limene libwere. Ine ndikuti malo amenewa, pa ola limeneli, ndi pamene ophunzira ambiri okonzeka bwino amatayira malikisi awo. Ola lomaliza si lowerengera. Ndi lokhazikitsira thupi pansi kuti mutu uthe kutulutsa zimene uli nazo kale.

Ndinaziphunzira movutikira m'chaka changa chachiwiri, pa pepala la sitatisitikisi. Ndinachezera usiku wonse, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, makapu a khofi atatu ali m'mimba. Ndinagona cha m'ma 4 koloko, n'kudzuka 6. Pakhomo la holo mnzanga anatchula njira ina yowerengera imene sindinaikumbuke, ndipo mtima unayamba kugunda ngati ng'oma. Nditatsegula pepala, zala zinachita dzanzi, mutu unachita chizungulire, ndipo funso loyamba ndinaliwerenga kanayi osamva kanthu. Mphindi 20 zinapita choncho. Madzulo ake, ndili pabedi kuhosteli, mayankho onse anabwera okha. Ndinalemba sapu pa phunziro limene ndinkalidziwa.

Chimene chinandichitikira si ufiti kapena umbuli. Munthu akachita mantha, thupi limatulutsa adirenalini: mtima umathamanga, mpweya umafupika, m'manja mumatuluka thukuta. Pang'ono pokha n'zothandiza, chifukwa zimakuchangamutsa. Vuto ndi lakuti ubongo uli ndi kamalo kochepa kamene umasungirapo zinthu zimene ukugwiritsa ntchito panthawiyo, ngati katebulo kakang'ono kolemberapo. Nkhawa ikadzaza katebuloko ndi "ndikalakwa kunyumba ndikanena chiyani", funso la mayeso limasowa pokhala. Zimene unawerenga sizinafufutike, koma palibe poziyala. Kutsegula mutu watsopano 8 koloko kumangowonjezera katundu patebulo lodzaza kale.

Dzanzi lija nalo lili ndi chifukwa chake. Munthu wamantha amapuma mofulumira, ndipo akatero amatulutsa mpweya wa kabonidayokisaidi wambiri kuposa mmene thupi likuupangira. Ukachepa m'magazi, zala ndi milomo zimachita dzanzi, mutu n'kupepuka. N'chifukwa chake malangizo akuti "kokani mpweya kwambiri" amatha kusokoneza. Ukamakoka mwamphamvu komanso mothamanga, chizungulire chimangokula. Chofunika si kukoka kwambiri, koma kutulutsa pang'onopang'ono.

Njira imene ndimatsata ndi iyi. Ndimakhala pansi, mapazi onse ali pansi, dzanja limodzi lili pamimba. Ndimakoka mpweya ndi mphuno ndikuwerenga mpaka 4, kenako n'kuutulutsa pakamwa ndikuwerenga mpaka 6, ngati ndikuuzira phala lotentha. Kupuma kumodzi kumatenga masekondi pafupifupi 10, ndiye kuti ka 6 pa mphindi, ka 30 pa mphindi zisanu. Mtima mwachibadwa umathamangako pang'ono tikamakoka mpweya, n'kubwerera m'mbuyo tikamatulutsa, choncho kutalikitsa kutulutsako kumauthandiza kuti utsike. Mudziwa kuti zikuyenda ngati dzanja la pamimba ndi limene likukwera, osati mapewa. Mukamva chizungulire, ndiye kuti mukukoka mopyola muyezo: chepetsani, pumani ngati mwa masiku onse kwa kanthawi, muyambirenso. Koma musadzayese koyamba tsiku la mayeso. Yambani sabata imodzi mayeso asanafike, mphindi zisanu musanagone, kuti thupi lizolowere.

Kunena zoona, ola lomalizali limayamba dzulo lake. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9, ndipo tulo ndi timene timakhazikitsa m'mutu zimene mwawerenga masana. Wosagona amachedwa kuganiza komanso amatekeseka msanga, ndiye amafika pakhomo la holo mantha atamupeza kale. Khofi sabweza tulo totayika. Theka la kafini amene mwamwa limakhalabe m'thupi pakadutsa maola pafupifupi asanu, choncho kapu ya 10 koloko usiku ikugwirabe ntchito 3 koloko m'bandakucha. Chakumwa chopatsa mphamvu m'mawa, pamimba yopanda kanthu, chimabweretsa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera kwa manja, zomwezo zimene mukuzithawa. Ngati tulo tavuta chifukwa cha nkhawa, musawonjezere nkhawa ina yakuti simunagone. Usiku umodzi wa tulo tochepa sufufuta semesita yonse. Ndipo ngati pepala ndi la masana, kagoneni mphindi 20 zokha, mutatchera alamu, n'kudzuka kudakali ola lathunthu, chifukwa tulo tatitali timakudzutsa mutu uli wolemera.

Tsopano pepala likakhala la 8:30, ola langa limayenda chonchi. Chiphaso, zolembera ziwiri ndi kalikuleta ndimaziika m'chikwama usiku. Pa 7:30 ndimadya chimene mimba yanga inazolowera, phala kapena tiyi ndi mbatata, osati chakudya chachilendo. Pa 7:40 ndimayang'ana tsamba limodzi lokha limene ndinalemba ndekha dzulo lake, ndipo pa 7:50 ndimalitseka, osalitsegulanso. Ndimayenda wapansi mosathamanga, n'kudzera kuchimbudzi. Pa 8:05 ndimakhala pamthunzi, patali ndi khomo, pamene ndikuona anthu koma sindikumva zokamba zawo. Foni ndimazimitsa. Pamenepo ndi pamene ndimachita kupuma kuja. Pa 8:20 ndimalowa. Pepala likafika, ndimatulutsa mpweya pang'onopang'ono katatu, n'kuliwerenga lonse, kenako n'kuyamba ndi funso limene ndikulidziwa bwino, ngakhale likhale lomaliza.

Masiku amene nkhawa yakula, ndimawonjezera chinthu chimodzi ndili pamthunzi paja: ndimalemba pakapepala zonse zimene ndikuopa. Mu 2011, Gerardo Ramirez ndi Sian Beilock a ku yunivesite ya Chicago anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti ophunzira ankhawa amene analemba za mantha awo kwa mphindi 10 mayeso asanayambe anakhoza bwino kuposa anzawo. Ena amene anabwereza kafukufukuyu sanapeze zofanana, choncho si mankhwala a aliyense. Ine kumandipepuza. Kumbukirani kutaya kapepalako musanalowe, woyang'anira angakayese likasa.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, "Ine ndinaona tsamba lina pakhomo pomwepo, funso lake n'kubweradi." Zimachitika, sindikana. Koma timakumbukira tsiku limodzi limene mwayi unatigwera, n'kuiwala masiku amene tinalowa m'holo mitu itasokonezeka chifukwa cha funso la mnzathu. Malikisi asanu amene mungatole pakhomo sangafanane ndi mphindi 20 zimene ine ndinataya ndikuyang'ana pepala ngati lalembedwa m'chilankhulo chachilendo. Kuthamanga sikufika.

Zonsezi zili ndi malire ake. Kupuma bwino sikulowetsa m'mutu zimene simunawerenge. Ndipo ngati mantha amakugwirani pa mayeso alionse mpaka kusanza, kubanika kapena kulephera kugona masiku angapo otsatizana, imeneyo si nkhani ya ola limodzi. Kaonaneni ndi mlangizi wa ophunzira kapena achipatala mayeso asanayandikire.

Sapu ija ndinailemba nditagona maola 7, kope nditalisiya kuchipinda. Mtima unagundabe pamene woyang'anira ananena kuti titsegule mapepala, koma funso loyamba ndinalimva nditangoliwerenga kamodzi.