Pempho limabisala kumapeto kwa uthenga

Mwezi wathawu mayi anga adagonekedwa pachipatala china ku Lilongwe, ndipo alongo anga ndiwo ankawadikirira. Lolemba usiku iwo adandijambulira uthenga wa mawu pa WhatsApp, wa mphindi pafupifupi zitatu. Kwathu kuno ku Nachisaka netiweki imachita kusaka pachulu, choncho uthengawo ndidaumva Lachiwiri masana, ndikuthamangira kukalasi. Ndidafunika kuutumiza kwa atsibweni kumudzi, omwe ali ndi kafoni kamabatani kolandira mauthenga olemba okha.

Ndidamvera theka, n'kulemba kuti: "Amayi ali bwinoko, akufuna ndalama." Atsibweni adagulitsa nkhuku n'kutumiza ndalamazo. Koma chimene alongo anga ankafuna kwenikweni chidali buku lakale lakuchipatala la amayi, lomwe adokotala adati aone mankhwala amene ankamwa kale. Pempholo lidali kumapeto, pambuyo pa mawu akuti "chinanso ndikadaiwala." Adokotala adadutsa Lachitatu buku palibe. Wolakwa ndidali ine, mphunzitsi amene ndimaphunzitsa ana a Fomu 4 kufupikitsa nkhani pokonzekera mayeso a MSCE.

Usiku womwewo ndidaumveranso uthengawo ndili ndi cholembera, ndipo ndidaona mmene munthu wothamanga amayankhulira. Amayamba ndi moni, kenako amafotokoza zimene zamuvutitsa mtima, ndipo pempho limatuluka akatsala pang'ono kudula. Ife Achewa sitiyamba ndi kupempha. Timazungulira kaye mwaulemu. N'chifukwa chake womvera theka amatola madandaulo n'kusiya pempho. Uthenga wotere umveni kawiri mpaka kumapeto, ndipo musaufulumizitse ndi kabatani ka 2x, chifukwa pamenepo ndi pomwe manambala amamezeka.

Pomvera kachiwiri, funani mayankho a mafunso atatu: akupempha chiyani, achite ndani, ndipo pofika liti? Mapempho akakhala awiri, yambani ndi limene likachedwa silingakonzeke. Ndalama zikadatha kufika Lachinayi pa Mpamba popanda vuto. Buku linkafunika munthu alinyamule, akwere kabaza mpaka kumsewu, apeze minibasi, afike adokotala asanadutse.

Chenjeraninso ndi pamene woyankhula wadzikonza yekha. Alongo anga adati, "K15,000... ayi, K25,000, pali ndi thiransipoti." Polemba kalata munthu amafufuta cholakwika, koma m'mawu zonse ziwiri zimatsala, ndipo khutu limagwira yoyamba. Mukamva "ayi," "pepani" kapena "kapena tingoti," dziwani kuti zotsatirazo ndizo zenizeni.

Msampha wina ndi masiku. Iwo adati buku lifike "mkuja." Mkuja wa Lolemba ndi Lachitatu, koma ndikadalemba mawu omwewo Lachiwiri, atsibweni akadawerengera Lachinayi. Mawu ngati lero, mawa ndi mkuja amawola msanga ngati tomato. Onani tsiku limene uthenga udajambulidwa, ndipo lembani dzina la tsikulo.

Uthenga umene ndikadayenera kulemba ndi uwu: "Atsibweni, amayi ali bwinoko. Alongo anga akupempha buku lakale lakuchipatala lifike ku Lilongwe Lachitatu m'mawa. Lili m'sutikesi. Atinso K25,000 pa Mpamba." Sunapyole zilembo 160, zomwe ndi malire a uthenga umodzi wolemba pafoni, mukapyola, mumalipira ngati awiri. Za nsima yakuchipatala ndi udzudzu zatsala, chifukwa palibe chimene atsibweni akadachitapo. Koma mawu akuti "ali bwinoko" sachotsedwa: munthu wamkulu akangowerenga "chipatala" ndi "m'mawa" popanda mawu amenewo, amayamba kuganiza za maliro.

Mawu akuti "akupempha" ndi "atinso" alinso ndi ntchito. Amasonyeza kuti ine ndine mthenga chabe. Ngati ndili ndi maganizo anga, monga akuti buku apite nalo mwana wa atsibweni, ndiwalembe padera, ndisawaike m'kamwa mwa alongo anga. Pamene phokoso lameza nambala kapena dzina la malo, musalote, imbani mufunse. Ndipo musanatumize, tumizani kaye kwa mwini mawu kuti avomereze. Zikadanditengera mphindi imodzi yokha.

Pali mauthenga ena osayenera kufupikitsa. Uthenga wa maliro, wa mlandu wa m'banja kapena wopepesa uli ndi kulemera kwake m'mawu a mwini wake. Pamenepo lembani kuti "imbirani alongo anga madzulo ano," basi.

Akuluakulu amakumbukira telegalamu yakupositi, pomwe liwu lililonse linkalipiridwa ndipo munthu ankaganiza kaye asanalembe. Lero wojambula uthenga amangoyankhula, ndipo ntchito yoganizayo yasamukira kwa womvera. Buku lija lidafika Lachisanu, amayi adatuluka sabata yotsatira. Atsibweni mpaka pano amandifunsa ngati ana asukulu ndimawaphunzitsanso kumvera theka.