A khansala, mulu wa zinyalalawu unyamulidwa liti?

Lachisanu lachiwiri la mwezi likakwana, a khansala amaimirira pamsika kapena pabwalo la sukulu kutsegulira tsiku losesa. Mawu awo tinawazolowera: ukhondo ndi udindo wa aliyense, tisataye zinyalala paliponse, tipewe kolera. M'mawuwa mulibe bodza. Koma anthu amene abwera ndi matsache, mafosholo ndi mawilibala ali ndi funso limene a mfumu kapena a komiti ya msika sangathe kuyankha, loyenera amene amakhala nawo m'misonkhano ya khonsolo. Tikasesa, mulu tiunjikewu adzanyamula ndani, ndipo tsiku liti?

Tsikuli linakhazikitsidwa mu Novembala 2020 kwa Chinsapo mu Lilongwe, a Lazarus Chakwera ali pulezidenti. Ganizo lake ndi labwino ndipo tikufuna lipitirire. Chimene chimaligwetsa mphwayi si ulesi wa anthu ayi, ndi zimene zimachitika tsache likaikidwa pansi.

Taonani ngalande ya kuseri kwa msika. Anyamata amalowamo n'kuvuula matope akuda onunkha, majumbo, mabotolo ndi matewera otayidwa, n'kuziunjika m'mphepete mwa msewu. Pomafika madzulo ngalande yayera, anthu awomba m'manja. Galimoto ya khonsolo ikapanda kubwera, agalu ndi nkhuku zimafwanyula muluwo, ndipo odutsa akaona mulu amawonjezerapo zawo. Mvula yoyamba imabwezera zonse m'ngalande momwemo, nthawi ino zitaunjikana pamalo amodzi, n'kukatseka pakamwa pa kalavati. Madzi akasowa njira amalowa m'makomo, zimbudzi zokumba zimasefukira, uve n'kutsikira m'zitsime. Kolera imene inayamba mu 2022, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inkayenda m'madzi otere. Nanga a khansala, musanaitane anthu kudzavuula ngalande, munapita kukhonsolo kukatsimikiza kuti galimoto ilipo, ili ndi mafuta, ndipo ifika tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake? Ngati yawonongeka, bwanji osawauza anthu poyera kuti ayambe ndi ntchito ina?

Galimoto ikachedwa, anthu amayatsa moto. Sitingawadzudzule kwambiri, poti fungo lili pakhomo pawo. Koma utsi wa pulasitiki umalowa m'zifuwa za ana ndi za amayi ogulitsa tomato pafupi, ndipo zinyalala zonyowa sizipsa, zimangofuka mpaka usiku. Kodi m'mawu anu otsegulira munanenapo kuti moto ayi, n'kuloza pomwe zinyalala zidikirire?

Gawo lalikulu la zimene timasesa m'misika yathu ndi zowola: makoko a nthochi, masamba, zotsalira za chimanga. Zimenezi sizifunika ulendo wa kumtaya wa ku Area 38 kapena wa ku Mzedi. Zikapatulidwa pomwe akusesapo n'kuthiridwa m'dzenje, pakapita miyezi ingapo zimasanduka manyowa. Mabotolo ndi zitsulo zili ndi ozigula. Zotsala zofuna galimoto zimachepa kwambiri. Koma kupatula kumatheka pokhapokha wina atanena ntchito isanayambe kuti zowola apa, mapulasitiki apo, magalasi osweka m'thumba lawolawo. Mukapanda kunena inu, anena ndani?

Palinso manja a anthu. Mnyamata wolowa m'ngalande atavala patapata, wopanda magolovesi, akhoza kupondapo botolo losweka kapena jakisoni wotayidwa. Kodi magambutsi ndi magolovesi alipo angati, ndipo akusunga ndani? Madzi ndi sopo wosambira m'manja pomaliza akonzedwa?

Funso lowawa ndi la ndalama. Wogulitsa pamsika amadula tikiti tsiku lililonse. Eni nyumba ndi masitolo amalipira msonkho kukhonsolo. Iwo akamatseka benchi kuti asese, akupereka kachiwiri, ulendo uno ndi thukuta. Ali ndi ufulu womva kuti pa ndalama zimene msika wawo umatolera, ndi zingati zimabwerera kudzachotsa zinyalala, komanso chifukwa chimene bini yaikulu ya pamsika imakhalira yosefukira kwa masabata. Nanga majumbo opyapyala, amene malamulo a 2015 analetsa ndipo khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, akupezekabe bwanji m'ngalande zathu? Munalifunsapo funsoli pamsonkhano wa khonsolo?

Mwezi wamawa, a khansala, yambani ndi lipoti la mwezi uno: milu inali ingati, inanyamulidwa ingati, yotsala ili pati ndipo yatsaliranji. Kenaka tchulani ngalande imene igwiridwe, ofesala wa zaukhondo amene anthu angamufunse, ndi ola limene galimoto ifike. Lolemba lotsatira mudzayende nokha m'njira imene anthu anasesa, mudzaone ngati milu idakalipo.