Kebulo yopingasa si lamulo la kompyuta ziwiri zilizonse

Chiphunzitso chakuti kompyuta ziwiri, kapena maswichi awiri, sizingalumikizidwe popanda kebulo yopingasa chikumvekabe m'makalasi ndi kwa amisiri. Chinali choona kale, koma lero chimangogulitsa anthu kebulo yomwe sakuifuna.

Kebulo ya Ethaneti ili ndi mawaya 8 opotedwa awiriawiri. Pa liwiro la megabiti 10 kapena 100, ogwira ntchito ndi anayi okha. Kompyuta imatumiza uthenga pa mapini 1 ndi 2, n'kulandira pa 3 ndi 6, pamene swichi imachita mosemphanitsa. Choncho kebulo yolunjika, yomwe mawaya ake ayalidwa mofanana kumapeto konse, imakwanira pakati pa kompyuta ndi swichi. Koma ikaikidwa pakati pa kompyuta ziwiri zakale, zonse zimatumiza pa mawaya omwewo ndipo palibe yolandira. Yopingasa inathetsa vutoli: kumapeto kwina imatsata T568A, komwe mawaya obiriwira ali pa 1 ndi 2, kwinako T568B, komwe pamalopo pali a olenji. Mmisiri akagundaniza mapulagi awiriwo n'kuona mitundu ikusiyana, amadziwa kuti wagwira yopingasa.

Chimene chiphunzitsochi chimaiwala ndi auto MDI-X, luso loti chipangizo chizizindikira chokha mawaya amene uthenga ukubwerera, n'kusinthanitsa potumizira ndi polandirira. Mbali imodzi yokha ikakhala nalo, kebulo iliyonse mwa ziwirizi imagwira. Ethaneti ya gigabiti, yomwe muyezo wake unakhazikitsidwa mu 1999, imatumiza ndi kulandira pa mawaya onse 8, ndipo pafupifupi zipangizo zake zonse zili ndi lusoli. Laputopu yamakono ikhoza kulumikizidwa ndi kompyuta yakalekale pa kebulo yolunjika popanda chovuta.

Komabe amene amati yopingasa inatheratu ntchito nawonso akupitirira muyezo. Imafunika mbali zonse ziwiri zikakhala zopanda lusoli, monga maswichi awiri akale a megabiti 100, kapena kompyuta yakale ndi makina a m'fakitale a msinkhu womwewo. Nthawi zinanso lusoli limakhalapo koma lazimitsidwa mosadziwa. Pa maswichi ambiri a Cisco Catalyst limagwira pokhapokha liwiro likasiyidwa kuti lizidzisankha lokha. Mmisiri akalemba `speed 100` ndi `duplex full` pa maswichi onse awiri, n'kuwalumikiza ndi kebulo yolunjika, kanyali ka pomwe palowa pulagi sikayaka n'komwe. Ambiri amathamangira kudula mapulagi poganiza kuti anaphanidwa molakwika, chonsecho kebuloyo ndi yabwinobwino. Mankhwala ake ndi kuikapo yopingasa, kapena kubwezeretsa izi:

```
speed auto
duplex auto
mdix auto
```

Kanyali kakayaka koma makompyuta osaonana, kupingasa kulibe mlandu. Pofunika kufufuza ndi maadiresi a IP. Pa ntchito yoyala netiweki yatsopano, kebulo yoyenera kugula ndi yolunjika, ndipo yopingasa imodzi yolembedwa chizindikiro m'chikwama cha mmisiri ndi yokwanira.